Ndemanga ya pulogalamu ya pa foni yowerenga Chiarabu pa chithunzi: nyenyezi zitatu mwa zisanu

Pulogalamu imeneyi ndaipatsa nyenyezi zitatu, ndipo ziwiri zimene ndaimanazo ndi chifukwa cha khalidwe limodzi lokha, lakuti ikapatsidwa chithunzi chachimbuuzi imatulutsabe Chiarabu chooneka chaukhondo popanda kuchenjeza kuti pena yangoganizira. Ndimaigwiritsa ntchito pa maphunziro a Chiarabu a anthu akuluakulu amene timachita madzulo ku madrasa ina kuno ku Zomba, kumene mabuku ndi ochepa ndipo ambiri timadalira masamba ojambulidwa pa foni. Tsamba losindikizidwa bwino, lojambulidwa masana pakhonde, imaliwerenga mwachangu ndipo zolakwika zimakhala zochepa, moti munthu amene sanazolowere kutaipa Chiarabu imamupulumutsa ku ntchito yaikulu. Koma tsamba lomwelo likajambulidwa usiku ndi tochi magetsi atazima, zimene imatulutsa siziyenera kuloweza pamtima musanazifufuze.

Gwero la vutoli lili m'kalembedwe ka Chiarabu komweko. Chiarabu chili ndi zilembo 28, ndipo 15 mwa izo zili ndi madontho, amene nthawi zambiri ndiwo okhawo osiyanitsa chilembo ndi chinzake. Zilembo ب (baa), ت (taa), ث (thaa), ن (nuni) ndi ي (yaa), zikakhala kumayambiriro kapena pakati pa liwu, zonse zimalembedwa ngati kadzino kamodzi kotuluka pamzere. Chimene chimanena kuti kadzinoko ndi chilembo chiti ndi kuchuluka kwa madontho ndi malo ake: limodzi pansi ndi baa, awiri pamwamba ndi taa, atatu pamwamba ndi thaa, limodzi pamwamba ndi nuni, awiri pansi ndi yaa. N'chimodzimodzinso ndi ج ح خ, kapena ر ndi ز, kapena س ndi ش. M'zilembo zimene timalembera Chichewa, chilembo chikafufutika pang'ono thupi lake limatsalabe kukuuzani kuti ndi m kapena ndi k, pamene m'Chiarabu uthenga waukulu uli pa tinthu tating'ono kwambiri pa tsamba lonse, ndipo tinthu tating'onoto ndito timayamba kusowa chithunzi chikachita chimbuuzi.

Kuchepa kwake kungathe kuwerengedwa. Pepala la A4 ndi lotalika mamilimita 297, ndipo kamera ya foni yojambula mapikiselo 4000 m'litali, tsambalo likadzaza chithunzi chonse, imapatsa milimita iliyonse mapikiselo pafupifupi 13. Dontho la theka la milimita limapeza mapikiselo 6 kapena 7 m'mimba mwake, zimene ndi zokwanira. Koma chithunzi chikatumizidwa pa gulu la pa foni kawirikawiri chimachepetsedwa kuti chisadye bando, ndipo ngati chatsika kufika mapikiselo 1600, dontho lomwelo limatsala ndi mapikiselo awiri kapena atatu. Onjezanipo kunjenjemera kwa dzanja, kumene kumakula mumdima chifukwa kamera imatsegula diso lake nthawi yotalikirapo kuti itole kuwala. Inki ya dontho imafalikira pa pepala loyera lozungulira n'kusanduka kachizirezire kotuwa, madontho awiri oyandikana amagwirana n'kukhala kamzere kamodzi, ndipo pulogalamu ikamasankha kuti apa ndi inki, apa ndi pepala, kotuwako kamatha kugwera mbali ya pepala. Mapulogalamu ambiri amachotsanso timadontho ta fumbi asanayambe kuwerenga, ndipo dontho lofooka la baa silisiyana kwenikweni ndi fumbi.

Chitsanzo chimene chinandionetsa bwino zonsezi ndi chiganizo cha m'phunziro loyambirira, chimene m'buku chinalembedwa ndi zizindikiro zonse za katchulidwe:

هَذَا بَيْتٌ كَبِيرٌ

Chimawerengedwa haadhaa baitun kabiirun, kutanthauza kuti iyi ndi nyumba yaikulu. Pa chithunzi chachimbuuzi chimene tinalandira pa gulu, pulogalamu inatulutsa izi:

هذا بنت كبير

Liwu lapakati linasintha kuchoka pa بيت, nyumba, kukhala بنت, mtsikana. Nditakuza chithunzicho ndinaona mmene zinayendera. Madontho awiri a pansi pa yaa anali atafooka n'kugwirana, pamene pamwamba pa chilembo chomwecho panali sukuni, kabwalo kakang'ono kosonyeza kuti chilembocho sichitsatiridwa ndi a, i kapena u, ndipo chimbuuzi chinatseka bowo la kabwaloko n'kukasandutsa dontho lathunthu. Kadzino kokhala ndi dontho limodzi pamwamba ndi nuni, choncho pulogalamu inawerenga zimene inaona. Apa m'pamene mabuku a oyamba kumene amavutira kuposa nyuzipepala, chifukwa zizindikiro za katchulidwe monga fataha, kasira, dhamma, sukuni ndi shadda zimene zinaikidwa kuti zitithandize zimakhala malo omwewo amene madontho amakhala.

Chinanso chimene chimabisa cholakwikacho n'chakuti pulogalamu siwerenga chilembo chilichonse pachokha. Inaphunzitsidwa ndi zolembedwa zambiri za Chiarabu, ndiye ikakayika imakokera ku liwu limene lilipodi m'chiyankhulocho. Ikanatulutsa zilembo zopanda tanthauzo, ngakhale wophunzira wa sabata yoyamba akanadabwa, koma بنت ndi liwu labwinobwino, lolembedwa bwino, ndipo thupi lomwelo la timano titatu limaperekanso نبت, kumera, ndi ثبت, kukhazikika. Wophunzira amene sakudziwa amakopera m'kope mwake ndi mtima wonse. Pamenepa ndi pomwe ndikuona kuti opanga pulogalamuyi anatimana chinthu chofunika: akanati azipaka mtundu wina pa mawu amene makina akukayikira, nyenyezi yachinayi ndikanawapatsa mosanyinyirika.

Kufufuza kwake sikufuna Chiarabu chambiri, kumafuna kudekha. Ndimaika chithunzi chokuzidwa mbali imodzi ndi zimene pulogalamu yatulutsa mbali ina, kenako ndimayenda kuchokera kumanja kupita kumanzere, liwu ndi liwu, osawerenga tanthauzo koma kuwerenga timano. Pa kadzino kalikonse ndimafunsa mafunso awiri, kuti madontho ali pamwamba kapena pansi, ndiponso kuti alipo angati. Mu بيت madontho alipo asanu, atatu pansi ndi awiri pamwamba, pamene mu بنت alipo anayi, limodzi pansi ndi atatu pamwamba. Ngakhale pa chithunzi chachimbuuzi, mthunzi wotuwa pansi pa kadzino kachiwiri umaonekabe kwa munthu, ndipo nuni alibe dontho pansi pake. Ngati chithunzi chaipa kwambiri moti inu nomwe simungathe kuwerenga madontho mutachikuza, dziwani kuti makinanso sanawaone, angoganizira, ndipo chofunika ndi kujambulanso osati kukonza.

Njira yachiwiri ndi mgwirizano wa mawu, umene ife olankhula Chichewa timaumva msanga chifukwa sitinganene kuti mtsikana yaikulu. M'Chiarabu بيت ndi dzina lachimuna, ndiye limayenda ndi هذا ndi كبير. Liwu lakuti بنت ndi lachikazi, ndipo chiganizo cholondola chikanakhala هذه بنت كبيرة, pomwe mawu onse awiri ozungulira asintha. Pamene mawu awiri akuloza chachimuna ndipo limodzi lokha pakati likuloza chachikazi, wolakwa ndi limodzilo. Komabe njira imeneyi ili ndi malire ake, ndipo chitsanzo chake ndi moni wodziwika kwa aliyense wa ku madrasa, كيف حالك, wofunsa kuti muli bwanji. Kachitsotso kakagwera pamwamba pa ح, makina amatulutsa كيف خالك, funso lofunsa za moyo wa malume anu. Ziganizo zonse ziwiri ndi zolondola ndipo zonse zili ndi tanthauzo, kotero palibe lamulo la galamala limene lingakugwireni dzanja, kupatula kuyang'ana pepala lenilenilo ndi kudzifunsa ngati phunzirolo likukamba za achibale kapena za malonje.

Batani lomasulira limene lili m'pulogalamu yomweyi sindilitenga ngati njira yofufuzira. Limamasulira zimene makina awerenga, osati zimene zili pa pepala, ndipo limasalaza chiganizo chopunduka kuti chimveke bwino, moti هذا بنت كبير lingathe kukupatsani mtsikana wamkulu popanda chizindikiro chakuti pali chosemphana. Chimene chimathandiza kwambiri, ndipo sichidya ndalama, ndi kujambula tsamba lomwelo kawiri mosiyana pang'ono, kamodzi muli pafupi, kenako mutasuntha kuti kuwala kubwerere mbali ina. Mawu amene atuluka mofanana pa zithunzi zonse ziwiri kawirikawiri amakhala olondola, ndipo amene asiyana ndiwo oyenera kupita nawo kwa mwalimu. Kumufunsa kuti, "A Shehe, liwu ili lachitatu pa mzere wachisanu ndi yaa kapena nuni?" kumatenga nthawi yochepa kuposa kumupatsa tsamba lonse kuti akonze.

Pa kajambulidwe, ndaona kuti kujambula theka la tsamba kapena mizere isanu yokha kumaposa china chilichonse, chifukwa dontho lililonse limapeza mapikiselo ochuluka. Buku ligone pa tebulo, foni ikhale pamwamba pake molunjika, zigongono zitsamire penapake, ndipo mugunde pa sikirini pamene pali zilembo kuti kamera ilunjike pomwepo musanajambule. Mapepala opyapyala amaonetsa inki ya kuseri, imene makina amatha kuitenga ngati madontho, ndipo kuika pepala lakuda kuseri kwa tsambalo kumachepetsa vutoli. Mnzanu akamakutumizirani, mumupemphe atumize ngati failo kuti chithunzi chisachepetsedwe.

Pali malo ena amene pulogalamuyi sindiilola n'komwe kukhala ndi mawu omaliza. Zolemba pamanja za pa bolodi zimaisokoneza, popeza aphunzitsi ambiri amalemba madontho awiri ngati kamzere ndi atatu ngati kadenga, zimene ndi zovomerezeka koma makina ozolowera zosindikizidwa amazitenga mwina. Manambala nawonso ndi oopsa, chifukwa ziro wa Chiarabu ndi dontho chabe, ndiye ١٠, khumi, imasanduka ١ dontholo likafufutika, ndipo ٥, yomwe ndi faifi, imafanana ndi ziro wathu. Tsamba 10 mungalifunefune pa tsamba 1. Za mavesi a Kurani ndiye sindiyesa dala, chifukwa kalembedwe ka m'Msahafu kali ndi zizindikiro zoonjezera za poimira ndi potalikitsa zimene pulogalamuyi imazitaya kapena kuzisandutsa zilembo. Pamenepo ndimangoigwiritsa ntchito kupeza mawu awiri kapena atatu ondithandiza kuzindikira sura ndi vesi, kenako ndimakopera kuchokera mu Msahafu wosindikizidwa.