Sola kapena kungopitiriza kugula mayuniti? Tiwerengere kaye

Ogulitsa sola ambiri akuuzani kuti ndalama yanu ibwerera pa zaka zitatu, koma afunseni kuti awerengera bwanji muone mmene ayambire chibwibwi. Samu yake ndi yophweka: mtengo wonse wa sisitemu, kuphatikiza mawaya ndi woika, mugawe ndi ndalama imene musiye kulipira pachaka. Vuto lili pa nambala yachiwiriyo, anthu amaikapo bilu yonse ya ESCOM pomwe sola yawoyo siichotsa yonse.

Titenge nyumba yodya mayuniti 300 pamwezi. Theka la amenewo nthawi zambiri ndi kuka, giza ndi ayironi, zinthu zotenthetsa zimene inveta ya 3kVA siingazikwanitse zonse pamodzi, mukayesa imangolira nkuzima. Ndiye chimene sola itenge ndi firiji, mababu, TV, dikoda ndi kutchaja mafoni, tinene mayuniti 5 patsiku, 150 pamwezi. Pamenepo mufunika mapanelo anayi a 400W, amene kuno kwathu amapereka mayuniti pafupifupi 6 patsiku dzuwa likawala bwino, ndi batire ya lifiyamu ya 5kWh, yosunga mayuniti 5, yoti firiji isazime usiku.

Mitengo ikusinthasintha, aliyense akukumbuka kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023, ndiye manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu a lero. Tinene sisitemu yonse ndi K6,000,000 ndipo yuniti mukugula K100. Mayuniti 150 ndi K15,000 pamwezi, K180,000 pachaka, kugawa apo zikutuluka zaka 33. Eya, 33. Batire ya lifiyamu yabwino imakhala zaka 8 kapena 10, kutanthauza kuti mukhala mutagulanso batire katatu kapena kanayi ndalama yoyamba ija isanabwerere. Ngakhale MERA itavomereza kuti yuniti ikwere kawiri, mwangofika pa zaka 16 ndi theka basi. Kwa nyumba yoti ili kale pa laini ndipo magetsi sakuvutavuta, kumbali ya ndalama mayuniti akuwina, osalimbana nazo.

Koma nkhani imatembenuka ngati muli ndi jenereta. Ganizani munthu wa babashopu kapena kagolosale ka firiji ya zakumwa, magetsi akazima iye amaliza jenereta chifukwa kutseka ndiye kuti tsikulo sadya. Kajenereta kakang'ono kamamwa pafupifupi lita imodzi pa ola, ndiye ngati akuliza maola atatu patsiku masiku 26 pamwezi, petulo tiyike K3,000 pa lita, ndi K234,000 imeneyo osawerengera oyilo, mapulagi ndi nthawi yoima pa mzere ndi chigubu. Onjezani K15,000 ya mayuniti ija, K6,000,000 ibwerera pa zaka ziwiri. Sisitemu yomweyo, dzuwa lomwelo, kungoti apa sola ikupikisana ndi petulo osati yuniti. Chenjezo lake nlakuti samu imeneyi ikudalira kuzima kwa magetsi, mu 2022 namondwe Ana ataononga Kapichira maola a mdima anachuluka zedi ndipo aliyense wa sola ankaoneka wanzeru, koma magetsi akakhazikika zaka ziwiri zija zimatalika.

Pali kamsampha kena ka mabatire. Wina akuuzani kuti gulani a jelo ndi otchipa, zoona pogula ndi otchipa, koma batire ya 200Ah ya 12V imasunga mayuniti 2.4 ndipo mukuyenera kugwiritsa theka lokha, mukamaikamula mpaka pansi tsiku lililonse zaka ziwiri siikwanitsa. Mudzaidziwa kuti yatopa mukaona masana ikudzadza msanga koma pofika 10 koloko usiku inveta yayamba kale kulira. Ndiye powerengera muike mtengo wa seti yachiwiri ndi yachitatu, osangoona wa tsiku logula.

Komanso mayuniti 6 aja si a chaka chonse. A ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje mukuidziwa Chiperoni ya mu Juni ndi Julaye, masiku atatu dzuwa osaoneka, ndipo mu Okutobala fumbi limamata pamapanelo, osapukuta ndiye kuti mphamvu ikutsika mwakachetechete. Nchifukwa chake ine sindingauze munthu wa mtauni kuti adule laini, bola inveta ya haibulidi yoti mitambo ikachuluka itchaje batire ndi magetsi a ESCOM. Ndipo ngati vuto lanu ndi kungofuna kuwala ndi TV nthawi ya bulakauti, yambani ndi inveta ndi batire zokha, mapanelo mudzaonjezera mukaona kuti maola a mdima akuposa amene batire ikukwanitsa.