Mateseti a mitengo, disikaunti ndi VAT: omwe akugwirabe ntchito patapita miyezi ndi omwe anangotopetsa

Patha miyezi ingapo sisitemu yatsopano ya maoda ikugwira ntchito, ndipo tsopano zikuonekeratu kuti mateseti omwe analembedwa yakale isanasinthidwe si onse omwe anapindulitsa. Ambiri mwa omwe akugwirabe zolakwika mpaka lero ali ndi chinthu chimodzi chofanana: yankho lake linalembedwa ngati nambala yeniyeni, yotengedwa pa risiti yakale kapena yowerengeredwa pamanja ndi akauntanti. Omwe ankadziwerengera okha yankho ankangovomereza chilichonse chomwe khodi yanena.

Ntchitoyi inachitika ndi Python ndi pytest. Asanakhudze mzere uliwonse wa khodi yakale, olemba pulogalamu anatenga maoda omwe analipiridwa kale, nachotsamo maina ndi manambala a foni a makasitomala, nasunga zolowa ndi zotuluka: katundu, kuchuluka kwake, mtengo, disikaunti, tsiku, VAT ndi ndalama zonse zolipira. Maoda sanasankhidwe mwachisawawa. Anafunafuna a mzere umodzi, a mizere yambiri, okhala ndi madisikaunti awiri, osakaniza katundu wolipira VAT ndi wosalipira, komanso omwe katundu wina anabwezedwa. Teseti ya mtundu uwu sinena kuti khodi yakale ndi yolondola. Imangokuwa khodi yatsopano ikapereka nambala yosiyana, ndipo munthu ndiye amagamula kuti wolakwa ndani.

Kukuwa koyamba kunali pa tambala imodzi, ndipo tambala imeneyi ndiyofunika kuimvetsa bwino. Titenge VAT ya 16.5%, yomwe inagwira ntchito ku Malawi kuno kwa zaka zambiri. Oda ili ndi mizere itatu, uliwonse K1,010.10. Mukawerengera VAT pamzere pamzere mumapeza 166.6665, yomwe imakhala K166.67, ndipo itatuyo pamodzi ndi K500.01. Mukayamba kuphatikiza mumapeza K3,030.30, VAT yake 499.9995, yomwe imakhala K500.00. Palibe masamu olakwika apa, kungoti malamulo ndi awiri. Sisitemu yakale inkatsata loyamba popanda wina aliyense kulilemba penapake, ndipo yatsopano inatsata lachiwiri. Kasitomala sangadandaule ndi tambala, koma risiti ikanena china, buku la akauntanti likanena china, ntchito yofananitsa mabuku pakutha pa mwezi imaima.

Palinso nambala zomwe zimathera pa theka lenileni. VAT ya K1,001.00 ndi 165.165. Anthu ambiri amayembekezera K165.17, koma `quantize` ya Python ikapanda kuuzidwa chochita imagwiritsa ntchito `ROUND_HALF_EVEN` ndipo imapereka K165.16. Teseti yake ndi yaifupi:

```python
@pytest.mark.parametrize("mtengo, vat", [
    ("1001.00", "165.17"),
    ("1010.10", "166.67"),
    ("0.00", "0.00"),
])
def test_vat(mtengo, vat):
    tsiku = date(2024, 6, 1)
    assert werengera_vat(Decimal(mtengo), tsiku) == Decimal(vat)
```

Onani kuti ndalama zalowa mu `Decimal` ngati mawu, osati ngati `float`. Mu `float`, `0.1 + 0.2` imapereka `0.30000000000000004`, ndipo `round(2.675, 2)` imapereka `2.67`. Ena amathawa vutoli poika `pytest.approx` m'mateseti a ndalama. Musatero. Teseti yololera kusiyana kwakung'ono ndi yakhungu pa chinthu chomwe inalembedwera kuti ichione.

Mbali yomwe yabweza kwambiri nthawi yomwe inadya ndi ya disikaunti pa oda yosakaniza. Tinene kuti katundu wolipira VAT ndi wa K30,000, wosalipira ndi wa K10,000, ndipo kasitomala ali ndi vocha yochotsa K2,000 pa oda yonse. Kodi K2,000 ichoke kuti? Ikagawidwa molingana ndi mtengo, K1,500 imachoka pa wolipira VAT ndipo K500 pa winayo. VAT imawerengeredwa pa K28,500, kutuluka K4,702.50, ndipo kasitomala amalipira K42,702.50. Yonse ikachoka pa wolipira VAT, msonkho umatsika kufika pa K4,620. Yonse ikachoka pa wosalipira, umakwera kufika pa K4,950. Pa oda imodzimodziyo pali kusiyana kwa K330 pa ndalama yopita ku MRA, ndipo apa wolemba pulogalamu asagamule yekha. Akauntanti anene lamulo, lilembedwe m'dzina la teseti, kuti wobwera pambuyo adziwe kuti nambalayo inasankhidwa dala.

Ndondomeko ya madisikaunti nayonso imasintha ndalama. Pa K40,000, kuchotsa 10% kenako K2,000 kumasiya K34,000, pomwe kuyamba ndi K2,000 kumasiya K34,200. Teseti imeneyi inagwira cholakwika patapita nthawi, pomwe mtundu watsopano wa pulomoshoni unawonjezedwa ndipo mndandanda wa madisikaunti unasanjidwa mwa njira ina.

Kugawa disikaunti kumasiya zotsalira. K1,000 pa mizere itatu yofanana ndi K333.33 katatu, zomwe ndi K999.99. Tambala yotsalayo iyenera kupita pa mzere umodzi, ndipo ukhale womwewo nthawi zonse. Apa teseti yabwino ndi yoona lamulo losasintha: zigawo zikaphatikizidwa zifanane ndi disikaunti yonse, oda isatsike pansi pa ziro, ndipo katundu yense akabwezedwa mmodzimmodzi, ndalama zobwezedwa zifanane ndendende ndi zomwe zinalipiridwa. Malamulo otere amayesedwa bwino ndi laibulale ya Python yotchedwa Hypothesis, yomwe imapanga yokha maoda ambirimbiri, ndipo ikapeza olephera imawachepetsa mpaka kutsala kachitsanzo kosavuta kuwerenga. Lamulo lachitatu lija, la kubweza katundu, ndi lomwe limalephera kawirikawiri, chifukwa khodi yobweza imakonda kuwerengeranso mtengo kuchokera pa mitengo ya lero m'malo motenga wa pa oda.

Tsopano zomwe sizinakhalitse. Mateseti ofananitsa risiti yonse, mawu ndi manambala omwe, ankasweka munthu akangosintha kalembedwe ka adilesi kapena malo a deti. Atasweka kangapo pa zifukwa zopanda pake, anthu anazolowera kungowavomereza osawerenga, ndipo pamenepo nambala yolakwika ingathe kulowa mosavuta. Anawachotsa, n'kusiya ofananitsa manambala okha. Mateseti odalira `date.today()` anasweka tsiku lomwe pulomoshoni inatha, khodi isanasinthe n'komwe. Mankhwala ake ndi kupereka tsiku ngati cholowa, monga zilili m'chitsanzo chija. Zimenezi zimathandizanso boma likasintha mlingo wa VAT pa bajeti: mlingo uliwonse umasungidwa ndi tsiku lomwe unayambira, ndipo pamakhala mateseti atatu, la tsiku lomaliza la mlingo wakale, la tsiku loyamba la watsopano, ndi la katundu wogulidwa kale koma wobwezedwa mlingo utasintha.

Chomwe chinasowa pachiyambi ndi mitengo yomwe VAT ili kale mkati, monga ya pa shelefu. Pa K1,165.00, VAT ndi 1,165 × 16.5 ÷ 116.5, yomwe ndi K165.00. Wochulukitsa mtengowo ndi 16.5% mwachindunji amapeza K192.23. Maoda osungidwa aja onse anali a makasitomala ogula mopikula, omwe mitengo yawo imalembedwa popanda VAT, choncho njira iyi inalibe teseti ngakhale imodzi. Maoda akale amateteza njira zokhazo zomwe anadutsamo, ndipo lipoti la `pytest --cov --cov-branch --cov-report=term-missing` limaonetsa nthambi za khodi zomwe sizinapondedwe.

Kwa amene akufuna kusintha sisitemu ya maoda, njirayi ndi yoyenera kuitsata, koma yembekezani kuti nthawi yambiri sithera pa kulemba khodi. Imathera pa kukhala pansi ndi akauntanti kuona oda iliyonse yomwe yasiyana, ndi kugamula ngati khalidwe lakalelo lisungidwe kapena likonzedwe. Likakonzedwa, yankho latsopano lilowe mu teseti pamodzi ndi ndemanga yonena chifukwa chake komanso tsiku lomwe kusinthako kuyambire kugwira ntchito pa maoda enieni.