Kunyika nyemba kapena kuzolowetsa m'mimba?

Nyemba zimatupitsa mimba chifukwa zili ndi shuga wina amene matumbo aang'ono satha kumugaya. Amakafika m'matumbo aakulu, tizilombo ta m'menemo n'kumudya, mpweya n'kutuluka. Kabichi alinso ndi shuga wotere, kuphatikizapo salufa, amene amabweretsa fungo lija.

Njira yoyamba ndi kunyika. Nyikani nyemba usiku wonse, maola 8 mpaka 12, m'mawa tayani madziwo, tsukani, phikani m'madzi atsopano mpaka nyemba izinyenyeka mukaifinya ndi zala. Shuga uja amasungunuka m'madzi, n'chifukwa chake ophikira m'madzi onyikirawo, poopa kutaya msuzi, sapindula kanthu. Komatu sachoka yense. Ndipo kabichi simungamunyike. Ingochepetsani, muzimudya wophika, osati wa saladi.

Njira ina ndi kuzolowetsa m'mimba: sipuni ziwiri kapena zitatu za nyemba tsiku lililonse, n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Masiku oyamba mpweya umakhalapobe, koma kwa ambiri umachepa pakatha milungu ingapo.

Ine ndimanyika, chifukwa kumathandiza tsiku lomwelo, makala n'kupulumukanso. Koma amene amadya nyemba kamodzi pamwezi, mbale yodzaza ndi kabichi pambali, kunyika kokha sikumukwanira.