Kuola kwa pansi pa tomato ndi tsabola: kashiamu ndi madzi, kapena fangasi?

Pofuna kudziwa choyambitsa vutoli poona chithunzi cha chipatso choola, choyamba kuyang'ana ndi malo amene banga lili. Kuola kobwera chifukwa cha kuchepa kwa kashiamu kumayambira kunsi kwa tomato, pamene panali duwa, ndipo banga lake limakhala limodzi, lolowa m'kati, louma ngati chikopa, la mtundu wofiirira kapena wakuda. Nthawi zambiri kumagwira zipatso zosapsa za m'phava loyamba. Kwa tsabola banga limatha kukhala chammbali pafupi ndi nsonga, ndipo ena amalisokoneza ndi kupsa ndi dzuwa, komwe kumayeretsa mbali yoyang'ana dzuwa.

Kawirikawiri kashiamu m'nthaka amakhalamo, koma amayenda ndi madzi, choncho mlimi akathirira kwambiri lero n'kusiya dimba liume masiku anayi, kunsi kwa chipatso sikulandira kanthu. Feteleza wa nayitirojeni wochuluka amakulitsa vutoli. Mankhwala opha fangasi pano n'kutaya ndalama chabe. Chofunika ndi kuthirira mofanana ndi kuphimbira nthaka ndi udzu.

Kuola kwa fangasi sikusankha malo. Antirakinozi, amodzi mwa matenda a fangasi, amapanga mawanga angapo ozungulira pa chipatso chakupsa, nthawi zina okhala ndi timadontho tapinki nyengo ya chinyontho, ndipo amafalikira ku zipatso zina.

Chosokoneza n'chakuti banga la kashiamu likakhalitsa limamera nkhungu yakuda pamwamba. Chithunzi cha chipatso chotere chimanamiza, n'chifukwa chake ndi bwino kujambula zipatso zingapo zimene zangoyamba kumene kuwonongeka.