Miyezi isanu ndi itatu ndikugwiritsa ntchito njira yopingasa makhadi: mmene ndikuionera tsopano

Pamene ndinayamba kuphunzira majiki a makhadi, ndinkaipeputsa njira yopingasa milu iwiri, imene Max Holden anaifalitsa mu 1925, chifukwa ndinkaona ngati munthu aliyense wamaso angaitulukire. Tsopano patha miyezi isanu ndi itatu ndikuichita pamaso pa anthu osiyanasiyana, ndipo maganizo anga asintha, ngakhale kuti sanasinthe pa zonse.

Kachitidwe kake nkosavuta. Khadi limene ndikufuna kuti munthu atenge, tinene kuti 7 ya mitima, limakhala pamwamba penipeni pa makhadi onse 52, nkhope zitayang'ana pansi. Ndimamupempha kuti adule pamene akufuna ndi kuika gawo limene wanyamulalo pambali patebulo. Kenaka ine ndimatenga gawo lotsala, limene linali pansi, ndi kulisanjika mopingasa pamwamba pa gawo lake, uku ndikunena kuti tikuika chizindikiro pamalo amene wadula. Patapita kanthawi ndimanyamula mulu wapamwambawo ndi kumuuza kuti aone khadi limene wadulira, ndikuloza lapamwamba pa mulu wapansi. Khadi limenelo ndi 7 ya mitima yomwe ija, imene inali pamwamba kuyambira pachiyambi, ndipo kaya adula makhadi khumi kaya makumi anayi, zotsatira zake sizisintha.

Chimene miyeziyi yandiphunzitsa nchakuti munthu satsatira kuti mulu uti unachokera kuti, koma amakumbukira chinthu chimodzi chokha, chakuti dzanja limene linadula linali lake. Poyamba ndinkakhulupirira kuti chinsinsi chonse chagona pa kutalika kwa nthawi imene ndadikira ndisananyamule mulu wapamwamba, choncho ndinkalankhula nkhani yaitali yopanda mutu, mpaka anthu ankayamba kuyang'anitsitsa makhadiwo podabwa kuti ndikuzengereza chiyani. Masiku ano ndimangochita chinthu chimodzi chokhala ndi chifukwa chake: ndimaloza envelopu imene yakhala patebulo kuyambira kale, mmene ndinalembamo dzina la khadi lija, ndi kumufunsa munthuyo ngati waona wina ataikhudza. Maso ake amachoka pa makhadi, amayankha, ndipo akabwerera amapeza milu iwiri yopingasa imene sakukumbukiranso dongosolo lake. Masekondi ochepa amenewo amakwanira. Mawu nawonso ndinawasintha, pakuti kunena kuti “sankhani khadi” kumadzutsa funso lakuti wasankhadi kapena ayi, pamene kunena kuti “tione pamene mwadula” kumangokumbutsa munthuyo chinthu chimene wachitadi.

Vuto limene landigwera kawirikawiri silochokera kwa anthu ochenjera, koma kwa anthu ozolowera kusewera makhadi, amene akangodula amamaliza okha, kusanjika gawo lapansi pamwamba ndi kuwongola mulu wonse ine ndisanatambasule dzanja. Tsiku lina zinachitika choncho envelopu ili kale patebulo, ndipo 7 ya mitima inalowa pakati. Chinandipulumutsa nchakuti ndinali nditasuzumira khadi lapansi penipeni ndisanayambe, limene linali mfumu ya madayamondi, ndipo munthu akadula ndi kumaliza, khadi lapansilo limagona pamwamba penipeni pa limene linali lapamwamba. Ndinayala makhadi nkhope zili poyera ngati ndikuonetsa kuti ndi osakanizika, ndinadula pakati pa awiriwo, ndipo tinayambanso. Kuyambira tsiku limenelo ndimaloza malo enieni patebulo pamene aike gawo lake, ndipo dzanja langa limakhala litayandikira kale gawo lotsalalo.

Pali malire awiri amene sindinathe kuwadumpha. Njirayi siyenera kubwerezedwa pamaso pa anthu omwewo, chifukwa ulendo wachiwiri amakhala akudziwa chimene chikubwera ndipo amatsatira milu ndi maso. Imafunanso kuti khadi lapamwamba likhalebe pamalo pake pamene ndikusakaniza, ndipo luso limeneli linanditengera nthawi yaitali kuposa kupingasa kwenikweniko. Popanda kusakaniza, wina amafunsa msanga ngati makhadi anali okonzeratu. Ndiyeneranso kunena kuti paketi yakale imaulula chinsinsi, pakuti khadi limene ndinkaligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku linapindika pangodya, ndipo mnzanga wina analizindikira kumsana kwake ndisanalitembenuze.

Ndayesanso njira yoyala makhadi m'manja ndi kufikitsa khadi lofunikalo pa zala za munthu panthawi imene akutambasula dzanja. Ikatheka imaoneka yaufulu kuposa yopingasa, koma ine ndimaiphonyabe nthawi zambiri, choncho ndimaigwiritsa ntchito pokhapokha ngati sewerolo lingapitirire ngakhale munthu atatenga khadi lina. Pamene ndalemba kale dzina la khadi mu envelopu, ndimapingasa.