Kutumiza chithunzi netiweki ikuvuta: WhatsApp, imelo kapena Google Drive, ndi momwe mungadziwire kuti chafika chonse

Mwezi wa fizi ukafika, mlongo wanga kumudzi amajambula lisiti ya ku banki n'kuitumiza kusukulu ya mwana wake. Chaka china anaitumiza kudzera pa fomu ya pa intaneti ya sukuluyo, foni n'kuonetsa ngati zatheka. Patapita sabata anamuuza kuti palibe umboni woti analipira. Nditapita ku ofesiko anandionetsa chimene chinafika: kumtunda dzina la banki likuoneka bwinobwino, kumunsi konse kuli kotuwa ngati phulusa. Nambala ya lisiti ndi chidindo zinali kumunsiko.

Chithunzi cha mtundu wa JPEG nthawi zambiri chimasungidwa mizeremizere kuchokera pamwamba kutsikira pansi, ndiye chikadukira panjira chomwe chimasowa ndi chakumunsi. Ndipo kuduka sikovuta. Chithunzi cha 4 MB, foni ikamaonetsa E pamwamba paja n'kumatumiza mwina makilobiti 100 pa sekondi, chimafuna mphindi zoposa 5 netiweki isanaphethire. Musanyengedwe ndi timizere ta netiweki: timakuuzani momwe foni ikumvera nsanja, osati momwe nsanja ikumvera foniyo. Nsanja ili ndi mawu aakulu, foni ndi kamwana. N'chifukwa chake mutha kulandira mauthenga bwino koma chithunzi chanu n'kumangozungulira.

WhatsApp ndi imene ambiri timayamba kuithamangira, makamaka poti bandulo yake ndi yotchipa. Ukatumiza mwa nthawi zonse, posankha chithunzi mu Gallery, imayamba yachifinya kuti chichepe. Cha 4 MB chija chimatsala mwina 200 KB kapena 300 KB, ndipo chimadutsa ngakhale pa netiweki yofooka. Pa zithunzi za ukwati kapena za chimanga m'munda palibe njira yoposa imeneyi. Koma pa lisiti kapena satifiketi ya MSCE kufinyako kumadya timalemba ting'onoting'ono, 3 n'kumaoneka ngati 8. Batani la HD limathandizako, koma nalonso limafinyabe.

Matiki aja tiwamvetse bwino. Kawotchi kakutanthauza kuti uthenga sunatuluke m'foni mwanu. Tiki imodzi ikutanthauza kuti wafika ku makina a WhatsApp, ndipo apa chithunzi chachoka chonse kwa inu. Matiki awiri akutanthauza kuti uthenga wafika m'foni mwa mnzanuyo, koma osati kuti chithunzicho wachitsitsa. Anthu ambiri anazimitsa zotsitsa zokha posunga bandulo, moti amangoona chithunzi chachimbuuzi chili ndi kamuvi pakati. Ngakhale matikiwo asanduke abuluu, munthu akhoza kukhala kuti wangoona chimbuuzicho. Musafufute chithunzi m'foni mwanu chifukwa cha matiki, pakuti akachedwa kutsitsa akhoza kukupemphani kuti mutumizenso.

Njira yachiwiri ili momwemo mu WhatsApp, koma ambiri saidziwa: dinani kachizindikiro kophatikizira fayilo, musankhe Document m'malo mwa Gallery, kenako mupeze chithunzicho. Chimapita osafinyidwa, dzina lake ndi kukula kwake zikuoneka pansi pake mbali zonse ziwiri. Mtengo wake ndi nthawi ndi bandulo, chifukwa 4 MB yonse ija iyenera kudutsa. Ikadukira pakati mumaona kamuvi koti muyesenso, ndipo mnzanuyo salandira theka la fayilo, amalandira yonse kapena salandira kanthu. Pa mapepala ofunika opita kwa munthu, ine ndimasankha imeneyi.

Imelo ndi yomwe maofesi amafuna. Gmail imalola mpaka 25 MB pa kalata imodzi ndipo sifinya chithunzi chophatikizidwa. Vuto lake pa netiweki yofooka ndi loti imakhala chete: mukadina kutumiza kalata imachoka pamaso panu, inu n'kuika foni m'thumba, pomwe iyo yakhala mu Outbox italembedwa Queued. Ikhoza kugona momwemo. Tsegulani Sent, muone ngati kalatayo ilimo pamodzi ndi fayilo yake. Dziwaninso kuti imelo imatupitsa fayilo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu poitumiza, ndiye 4 MB imadya zoposa 5 MB, komanso bandulo ya WhatsApp yokha siigwira kuno.

Google Drive ndimaikonda zithunzi zikachuluka, chifukwa netiweki ikaduka imadikira n'kupitiriza ikabwerera. Msampha wake ndi umodzi: mu Settings muli Transfer files only over Wi-Fi, ndipo ikakhala yoyatsa fayilo imangodikira Wi-Fi yomwe kumudzi kulibe. Dzina la fayilo kuoneka pa mndandanda m'foni mwanu si umboni. Tsegulani linki yake pa foni ina, mutapereka chilolezo choti ena aione.

Mafomu a pa intaneti, ngati ija inagwetsa mlongo wanga m'mavuto, ndi amene ndimawakayikira kwambiri, chifukwa aliyense anapangidwa mwa njira yakeyake. Ena amakana fayilo yoduka, ena amasunga chilichonse chimene chafika. Chepetsani chithunzi musanachiike, chikhale pansi pa 1 MB koma chikuwerengeka, ndipo ngati fomu ikulola kuona zomwe mwaika, tsegulani muone mpaka pansi.

Tsopano kutsimikiza. Umboni weniweni uli kwa wolandira, osati pa foni yanu. Njira yosafuna luso ndi iyi, ndipo ndi yomwe timachita ndi mlongo wanga: akatumiza lisiti ndimamuimbira, n'kumuwerengera nambala ya pansi penipeni ndi tsiku la pa chidindo, iye akuyang'ana pepala lenilenilo. Zikagwirizana ndiye kuti chithunzi chafika mpaka kumunsi komanso timalemba tikuwerengeka. Musafunse kuti "mwachiona?", chifukwa aliyense amayankha kuti eya. Funsani kuti "mzere womaliza walembedwa chiyani?" Kachithunzi kakang'ono koonetsera kaja musakadalire, kamatha kuoneka kathunthu pomwe chachikulu n'choduka. Atsegule chenichenicho.

Ngati munatumiza ngati Document, pa imelo kapena pa Drive, yerekezani kukula kwa fayilo. Pa kompyuta ya Windows dinani Properties muwerenge Size m'mabaiti, osati Size on disk. Kwanu kukalemba 4,183,552 nakonso kulembe 4,183,552. Mukaona foni ikuti 4.18 MB kompyuta ikuti 3.98 MB kapena 3.99 MB musadandaule, ina ikuwerenga ndi 1,000 ina ndi 1,024. Mabaitiwo ndiwo ayenera kufanana. Pa chithunzi chofinyidwa ndi WhatsApp kuyerekeza kumeneku sikugwira, chifukwa fayilo inasintha isananyamuke.

Kwa amene amalandira mapepala a anthu mu ofesi, ndipo akufuna umboni woti palibe baiti imodzi yasintha, pa Windows pali lamulo ili lolemba mu Command Prompt, muli mu foda momwe muli fayiloyo, ndipo lisiti.jpg ndi dzina la fayilo:

```
certutil -hashfile lisiti.jpg SHA256
```

Pa Linux ndi `sha256sum lisiti.jpg`. Limatulutsa zilembo ndi manambala 64. Wotumiza achite kwake, wolandira achite kwake, kenako muwerengerane pa foni. Kuwerenga 8 oyambirira ndi 8 omaliza n'kokwanira pa ntchito ngati iyi, chifukwa fayilo ikaduka kapena kuwonongeka pang'ono pokha, mzere wonsewo umasinthiratu.