Kutola madeti m'masilaidi a pulojekiti: Outline, PDF, Python kapena maso ako

Anzanga a kuntchito akhala akundifunsa funso limodzimodzi: abwana akakuponyera fayilo ya PowerPoint ya masilaidi 40 n'kunena kuti akufuna madeti onse a pulojekiti pa tsamba limodzi, kuyambira loyamba mpaka lomaliza, umayambira pati? Njira zimene ndimazidziwa zilipo zinayi. Ndiziyesa zonse pa chitsanzo chimodzi, pulojekiti yokumba mijigo imene madeti ake amwazikana chonchi: pa silaidi 9 alemba kuti kontirakiti isainidwa pa 25/04/2025, m'tebulo la pa silaidi 11 zipangizo zifika pa 10/05/2025, m'manotsi a pansi pa silaidi 12 akuti kukumba kuyamba patatha masabata 6 chisainire kontirakiti, ndipo pa silaidi 20 pali chojambula cha mivi cha SmartArt chonena kuti mijigo iperekedwa kwa anthu mu "Q3", kutanthauza kota yachitatu ya chaka.

Njira imene ambiri amathamangira ndi `Outline View`, kapena kusunga fayilo ngati `Outline/RTF`. Ndi yachangu, ndipo ubwino wake wathera pomwepo. Imangoonetsa mitu ndi mawu amene ali m'mabokosi obwera kale ndi silaidi. Mawu a m'tebulo, a m'bokosi limene munthu anachita kujambula yekha, a mu SmartArt ndi manotsi, onsewo sawatenga. Pa madeti anayi a mijigo aja mupezapo limodzi, la kontirakiti, ndipo palibe chokuchenjezani kuti atatu atsala.

Kusandutsa fayilo kukhala PDF kuli bwino kwambiri, chifukwa mawu onse ooneka pa silaidi amabwera, a m'tebulo ndi a mu SmartArt omwe, ndipo mutha kusaka "2025" kapena "Q3" ndi `Ctrl+F`. Koma lowani kaye mu `Options`. Mukapanda kutero masilaidi obisika amatsala, manotsinso sabwera pokhapokha musankhe `Notes pages`. Ndipo ngati wina anangomata chithunzi cha tchati cha ntchito, kusaka sikuonamo kanthu, muyenera kuwerenga ndi maso. Za mawebusaiti osandutsira mafayilo "aulere" sindikufuna n'komwe kuzimva. Ina inandilola kukweza fayilo yonse, bando n'kutha, kenako n'kundiuza kuti zotsatira ndizitsitsa ndikalipira pamwezi. PowerPoint imapanga yokha PDF, nanga bajeti ya bungwe muziiperekeranji kwa anthu osawadziwa?

Kwa odziwa kulemba mapulogalamu pali `python-pptx`:

```python
from pptx import Presentation
for n, s in enumerate(Presentation("mijigo.pptx").slides, 1):
    for sh in s.shapes:
        if sh.has_text_frame:
            print(n, sh.text_frame.text)
    if s.has_notes_slide:
        print(n, s.notes_slide.notes_text_frame.text)
```

Chimene ndimaikondera n'chakuti mawu aliwonse amatuluka ndi nambala ya silaidi yake, manotsi ndi masilaidi obisika omwe. Monga yalembedwera pamwambapa idumpha matebulo ndi zojambula zomangidwa m'gulu, zimenezo mumachita kuwonjezera. SmartArt siiwerenga. Mawu akewo amakhala mu `ppt/diagrams/data1.xml`, ndipo mumawapeza mukatsegula fayiloyo ngati zipu. Ngati mafayilo ali 30, ivutikireni. Pa fayilo imodzi, mudzamaliza kuikonza mnzanu wowerenga ndi maso atapita kale kunkhomaliro.

Koma kutola si kumene kumapweteka. Njira zonsezi zimakathera mu Excel, ndipo madeti amakaonongekera kumeneko.

Makompyuta ambiri amene timagula amabwera atatcheredwa kalembedwe ka ku United States, koyamba ndi mwezi kenako tsiku. Ife timayamba ndi tsiku. Mukamata 10/05/2025 pa kompyuta yotereyi, Excel imamva kuti ndi 5 Okutobala, pamene wolemba ankanena 10 Meyi. Mukamata 25/04/2025, imaona kuti kulibe mwezi wa 25, ndiye imalisiya ngati mawu wamba. Tsopano sanjani mzerewo kuyambira deti loyamba. Madeti enieni amakhala pamwamba, mawu wamba amagwera pansi. Zotsatira zake, zipangizo zikufika mu Okutobala kukumba kutayamba kalekale, ndipo kontirakiti ikusainidwa pamapeto pa zonse. Tsambalo limaoneka laukhondo ndithu, ndipo munthu amene saidziwa pulojekitiyo alitumiza kwa opereka ndalama mosakaika.

Kuzindikira kwake n'kosavuta. Deti limene Excel yalivomera limatsamira kumanja kwa kabokosi, mawu wamba amatsamira kumanzere. Mukaona mzere umodzi uli ndi zakumanja ndi zakumanzere, zasokonekera. `=ISNUMBER(B2)` imatsimikiza, chifukwa kwa Excel deti ndi nambala chabe: 1 Januwale 2025 ndi 45658. Anthu ena amathamangira `Text to Columns` n'kusankha `DMY`. Izi zimakonza amene anatsala ngati mawu.  Koma chabwino n'kupeweratu: mzere wolandira madeti muuike pa `Text` musanamatemo chilichonse, ndipo deti losanjira mulilembe mumzere wina ngati 2025-05-10, kalembedwe kamene sikasokoneza kompyuta iliyonse. Chenjeraninso ndi "Mar 2025": Excel imalipatsa yokha tsiku la 1, chonsecho wolemba mwina ankatanthauza kutha kwa mwezi.

Palinso madeti amene palibe pulogalamu ingakuwerengereni. "Masabata 6 chisainire kontirakiti" ndi 25 Epulo kuwonjezera masiku 42, kutanthauza 6 Juni. Musalilembe pamanja, ikani `=D2+42` kuti kontirakiti ikachedwa, kukumba kusunthe nawo. Nanga "Q3"? Pa kalendala wamba ndi Julayi mpaka Seputembala. Chaka cha zachuma cha boma la Malawi chimayamba pa 1 Epulo, ndiye kota yachitatu ndi Okutobala mpaka Disembala. Cha boma la United States chimayamba pa 1 Okutobala, ndiye kota yawo yachitatu ndi Epulo mpaka Juni. Pa mijigo yathu, Epulo mpaka Juni sizingatheke poti kukumba kukuyamba pa 6 Juni, koma ziwiri zinazo zonse n'zotheka, ndipo zikusiyana ndi miyezi itatu yathunthu. Ya Disembala ikukulowetsani m'dzinja, magalimoto okumbira akutitimira m'matope. Apa mumangoimbira foni amene analemba silaidiyo.

N'chifukwa chake ine sindisiyana ndi njira yachinayi, yakalekale: kuwerenga silaidi iliyonse ndi manotsi ake, n'kumalemba mu Excel mizere isanu. Chochitika, deti ndendende monga lalembedwera, nambala ya silaidi, tsiku loyambira, tsiku lomalizira. Kota kapena mwezi umatenga masiku awiriwo, ndipo ngati nkhani ndi yomaliza ntchito ndimasanja potengera lomalizira. Mzere wa nambala ya silaidi anthu amauderera, koma mafayilowa amalembedwa ndi anthu angapo, wina n'kusintha deti pa silaidi yake osakhudza ya mnzake. Mukapeza kuti chochitika chimodzi chili ndi madeti awiri, lembani onse awiri, lililonse ndi silaidi yake, muwapake mtundu wofiira, musasankhe nokha.

Outline ndinaitaya. Python ndimaitulutsa mafayilo akachuluka. Pa fayilo imodzi ndimawerenga ndi maso, kenako ndimatsegula PDF yokhala ndi manotsi n'kusaka "2025", "2026", "Q", "week" ndi mayina a miyezi, kuti ndione ngati pali deti limene landidutsa.